12:00 AM ndi usiku, koma usiku wa tsiku liti?

Mwana wa mchemwali wanga amachita lendi ku Chikanda, monga amachitira ophunzira ambiri a pa yunivesite kuno ku Zomba. Chaka china ankapempha thandizo la fizi ku bungwe lina, ndipo fomu yake inali yodzaza pa intaneti. Pamwamba pa fomuyo analembapo kuti atseka kulandira pa 15 Malichi, nthawi ya 12:00 AM. Iye anamva kuti ndi 12 koloko masana a Lachisanu pa 15. Makalata onse anali atasonkhanitsa, kalata yomaliza ya umboni anakatenga Lachinayi madzulo, ndiye anati ndiyambe ndagona, ndidzatumiza mawa kukacha. Lachisanu cha m'ma 8 koloko foni yanga inalira, mawu ake akunjenjemera.

"Amalume, akuti atseka kale. Komatu 12 koloko sinakwane."

"Tandiwerengera mmene alembera, iwe."

"Alemba 12:00 AM."

"Ndiye inakwana usiku wathawu, iwe uli m'tulo."

Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandifunsa funso limene ndimalikumbukirabe: ngati ndi usiku, bwanji si usiku wa lero pa 15 pomwe, umene sunafike? Mwanayu analakwitsa kamodzi, koma misampha inalipo iwiri, ndipo akanapulumuka woyambawo, wachiwiriwo ukanamukolabe. Woyamba ndi kusokoneza masana ndi usiku. Wachiwiri ndi kusokoneza tsiku. Anthu ambiri amene amati nthawi amaidziwa kuwerenga amangodziwa woyambawo.

Tiyambe ndi chimene chili chosavuta. Tsiku lili ndi maola 24. Wotchi ya pakhoma, ya mivi ija, ili ndi manambala 12 okha, ndiye muvi waufupi umazungulira kawiri kuti tsiku lithe. Nchifukwa chake nambala iliyonse imabwera kawiri: pali 6 koloko yodzukira, palinso 6 koloko yolowera nkhuku. Ife polankhula timazisiyanitsa ndi mawu: m'bandakucha, m'mawa, masana, madzulo, usiku. Foni ndi kompyuta zimasiyanitsa ndi zilembo ziwiri, AM ndi PM, zimene ndi chidule cha mawu a Chilatini otanthauza kuti dzuwa lisanafike paliwombo ndiponso dzuwa litapitirira paliwombo. Kawerengedwe kenako, ka maola 24, sikabwereza nambala. Kamayamba pa 00:00 pakati pa usiku, nkumangokwera mpaka 23:59. Ndi kamene kamalembedwa pa matikiti a ndege ndi m'mabuku a asilikali ndi apolisi, ndipo iwowa nthawi zambiri salemba timadontho tiwiri tija: 0600 ndi 6 koloko m'mawa, 1800 ndi 6 koloko madzulo.

Kuyambira 1 koloko m'bandakucha mpaka 11:59 m'mawa, palibe chosintha. 7:30 AM ndi 07:30, kungoti mwaika ziro kutsogolo. Kuyambira 1 koloko masana mpaka 11:59 usiku, mumawonjezera 12 pa ola, mphindi osazikhudza: 2:15 PM ndi 14:15, 9:40 PM ndi 21:40. Pobwerera mumachotsera 12 yemweyo. Masamu ake athera pomwepa.

Ngakhale pamenepa pali kamwala kopunthwitsa, ndipo ndimakaona kawirikawiri. Diso likaona 17:00 limathamangira pa 7, munthu nkumati msonkhano uli 7 koloko, pomwe uli 5 koloko madzulo. 16:00 amaiwerenga 6 koloko pomwe ndi 4 koloko. Ena anaphunzira njira yachidule yakuti taya 1 wakutsogoloyo, chotsera 2 pa nambala yotsalayo: 17, utenge 7, uchotse 2, yatsala 5. Njirayi imagwira bwino kuyambira 13 mpaka 19, koma ikafika pa 20 ndi 21 imasokoneza mutu, ndipo ndi pamene ambiri amati 20:00 ndi 10 koloko usiku poganiza kuti ndi theka la 20. Ayi, 20:00 ndi 8 koloko usiku. 10 koloko usiku ndi 22:00. Ine ndinangoloweza zinayi basi: 15 ndi 3, 18 ndi 6, 20 ndi 8, 22 ndi 10. Zina zonse ndimawerengera kuchokera pa zimenezi, kupita kutsogolo kapena kubwerera m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri.

Tsono pa maola 24 aja tawerengapo 22. Atsala awiri, onse oyamba ndi 12, ndipo lamulo lowonjezera 12 lija siligwira pa awiri amenewa.

Chinsinsi chake ndi ichi: pa wotchi ya maola 12, nambala 12 ikuimira ziro. Tayang'anani wotchi ya pakhoma. Muvi wautali ukaloza pa 12, sitinena kuti papita mphindi 60, timati ola langoyamba kumene, mphindi zake ndi ziro. Muvi waufupi nawonso ndi chimodzimodzi. Ukafika pa 12, ndiye kuti ulendo umodzi watha, wina ukuyamba. Choncho chigawo cha AM sichiyenda kuchokera pa 1 kukathera pa 12 monga momwe timawerengera mbuzi m'khola. Chimayamba ndi 12, kenako 1, 2, 3 mpaka 11. Chigawo cha PM nachonso chimayamba ndi 12, kenako 1, 2, 3 mpaka 11. Zilembo zija zimasintha pamene muvi wafika pa 12, osati pa 1. Ikatha 11:59 AM imabwera 12:00 PM. Ikatha 11:59 PM imabwera 12:00 AM.

Apa ndi pamene mwana wa mchemwali wanga anagwera, ndipo maganizo ake sanali opusa. Anawerenga kuti 9 AM, 10 AM, 11 AM, ndiye yotsatira ikhale 12 AM. Aliyense wodziwa kuwerenga manambala akhoza kuganiza choncho. Vuto ndi lakuti wotchiyi inaika nambala yaikulu koyambirira kwa mzere. Mukafuna kudzikumbutsa, musayang'ane 12:00 yeniyeniyo, yang'anani patapita theka la ola. 12:30 ya nkhomaliro, nsima ili patebulo, dzuwa lapitirira kale paliwombo, choncho ndi PM mosakayikitsa. Ngati 12:30 ya masana ili PM, ndiye 12:01 nayonso ndi PM, ndipo 12:00 imangotsatira anzakewo. Ya usiku ndi chimodzimodzi: 12:30 ya usiku ili kutsogolo kwa masana amene akubwera, choncho ndi AM.

Posintha ndiye zimakhala chonchi. Ola la 12 masana silisintha: 12:00 PM ndi 12:00, 12:45 PM ndi 12:45. Mukawonjezera 12 mupeza 24:45, nthawi imene kulibe. Ola la 12 usiku limasanduka ziro: 12:00 AM ndi 00:00, 12:45 AM ndi 00:45. Mukalisiya mmene lilili, mwasandutsa usiku kukhala masana. Njira imodzi yosaphonya ndi kuyamba mwafufuta 12 nkulembapo 0, kenako nkuwonjezera 12 ngati pali PM. Yesani ndi 12:20 PM: 12 asanduke 0, pali PM, wonjezerani 12, mwapeza 12:20. Yesani ndi 12:20 AM: 12 asanduke 0, palibe chowonjezera, mwapeza 00:20. Pobwerera, 00 aliyense muwerenge kuti 12 koloko usiku, 12 aliyense muwerenge kuti 12 koloko masana.

Kunena zoona, pa 12:00 yeniyeni ya masana zilembo zonse ziwirizo zimanama pang'ono, chifukwa paliwombo penipeni si pambuyo pake ndiponso si patsogolo pake. Zakuti 12:00 PM ndi masana ndi mgwirizano chabe umene mawotchi a manambala, mafoni ndi makompyuta amatsata. Sizinakhale choncho kulikonse nthawi zonse. Ofesi yosindikiza zikalata za boma la Amereka, m'buku lake la malamulo a kalembedwe, inkati 12 a.m. ndi masana ndipo 12 p.m. ndi pakati pa usiku, mpaka mu 2008 pamene inatembenuza kuti igwirizane ndi mmene ambiri amachitira. Ndiye mukaona 12 AM yolembedwa ndi dzanja la munthu pa chikalata cha msonkhano wa mpingo kapena wa makolo kusukulu, musathamangire kunena kuti atiitana pakati pa usiku. Mwina wolembayo anaganiza ngati mwana wathu uja. Ya makina muikhulupirire monga mwa lamulo tafotokozali, koma ya munthu mufunse mwini wake.

Pali kanthu kena kokhudza dzuwa kamene ndimakakonda, chifukwa ndi ka kuno kwathu. Nthawi ya dziko la Malawi ili patsogolo ndi maola awiri pa nthawi ya ku Greenwich, ku England, ndipo imeneyi ndi nthawi ya dzuwa ya pa mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Zomba ali pa madigiri 35 ndi pang'ono. Dzuwa limatenga mphindi zinayi kudutsa digiri imodzi, choncho kuno limafika paliwombo mphindi pafupifupi 21 wotchi isanati 12:00. Kuyenda kwa dziko pozungulira dzuwa kumasunthanso nthawiyi m'kati mwa chaka: kumayambiriro kwa Novembala chithunzithunzi chimafupikitsitsa cha m'ma 11:22, pomwe pakati pa Febuluwale ndi cha m'ma 11:53. Zikani kamtengo pabwalo ku Matawale kapena ku Chinamwali, mudzaona nokha kuti 12 koloko ikamakwana, chithunzithunzi chayamba kale kutalikira kum'mawa. Masana a wotchi ndi pangano la anthu, si muyeso wa dzuwa la pamutu panu, ndipo kuno ku Zomba 12:00 ya masana ndi PM ndithu ngakhale mutafunsa dzuwalo.

Msampha woyambawu Chichewa chinauthetsa kalekale. Tikati 12 koloko masana kapena 12 koloko usiku, palibe amasochera. Amene amalemba zidziwitso m'Chichewa asamavutike ndi AM ndi PM, angolemba mawu athuwa. Koma pa msampha wachiwiri, wa tsiku uja, chilankhulo chathu chomwechi ndi chimene chimatikankhiramo.

Kwa ife tsiku limayamba kukacha. Usiku wonse, kuyambira chisisira mpaka tambala woyamba, timauwerengera ku tsiku limene lapitalo. Munthu akati mwana anabadwa Lachisanu usiku cha m'ma 1 koloko, tonse timamva kuti ndi usiku umene unatsatana ndi masana a Lachisanu. Koma pa kalendala, ndi pa chiphaso chobadwira, mwanayo anabadwa Loweruka, 01:00. Kwa kalendala tsiku limasintha pa 00:00, anthu ali m'tulo, kulibe tambala kulibe kuwala. Ndiye usiku umodzi womwewo uli ndi madeti awiri: mbali yoyamba ndi ya Lachisanu, mbali yotsalayo ndi ya Loweruka.

Chimenechi tonse timachidziwa bwino kamodzi pa chaka. Pa 31 Disembala anthu amachezera m'matchalitchi kudikira kuwoloka, ndipo 12 koloko ikangokwana, nthungululu ndi kulira kwa mabelu, aliyense akuti talowa chaka chatsopano. Palibe amene amati tidikire kuche kuti Januwale ayambe. Mphindi imeneyo ndi 00:00 pa 1 Januwale, kapena kuti 12:00 AM pa 1 Januwale. Zimene zimachitika usiku umenewo zimachitika usiku uliwonse, kungoti masiku enawo palibe amaimba belu. Choncho 12:00 AM pa 15 Malichi ndi mphindi yoyamba ya pa 15, yongotsatana ndi 23:59 ya pa 14. Kwa ife olankhula Chichewa, umenewo ndi usiku wa Lachinayi. Mwana uja pamene ankayala mphasa Lachinayi kuti adzatumize mawa, anali atatsala ndi maola awiri kapena atatu okha.

Tawerengani kutalika kwa phompho lake. Nthawi yeniyeni yotsekera inali 00:00 pa 15. Iye ankaganiza 12:00 pa 15, kuchedwa ndi maola 12. Mnzake wina amene ankadziwa kuti AM ndi usiku, koma nkumaganiza kuti ndi usiku wa Lachisanu kukacha Loweruka, akanachedwa ndi maola 24 athunthu. Anthu atatu akhoza kuwerenga mzere umodzi womwewo nkupeza nthawi zitatu zosiyana, ndipo makina amangotsata imodzi, yoyambirira kwambiriyo.

Kodi chimachititsa nchiyani kuti 12:00 AM izipezeka kawirikawiri chotere pa zinthu za pa intaneti? Nthawi zambiri si kuti munthu anakhala pansi nkusankha pakati pa usiku. Kompyuta ikapatsidwa deti lopanda ola, imadzazamo yokha 00:00, chifukwa ndi pamene tsikulo limayambira. Yesani mu Excel, pulogalamu yowerengetsera ya pa kompyuta: lembani deti lokha m'kabokosi, kenako musinthe kuti kazionetsa deti ndi nthawi, muona 0:00 kapena 12:00 AM itatulukira pambali pake. Ndiye kalaliki akhoza kulemba 15 Malichi, mumtima mwake akuti anthu atumize mpaka tsikulo lithe, koma makina nkutseka chitseko tsikulo lisanache nkomwe. Wolakwa pamenepa ndi wokonza fomuyo, ndipo zimandipweteka kuti amene amalipira ndi mwana wosauka amene watha sabata akuyenda wapansi kusaka makalata. Koma pamene chitseko chatsekeka, kudziwa wolakwa sikukutsegulira. Mukaona tsiku lotsekera lili ndi 12:00 AM kapena 00:00, tsiku lanu lomaliza ndi dzulo lake.

Ndi chifukwa chomwechi amene anapsapo kale amazemba mphindi imeneyi. Mudzaona zinthu zambiri zolembedwa kuti zitha 23:59, kapena kuti ziyamba 00:01. Mphindi imodzi yokhayo imachotsa mkangano wonse, pakuti 23:59 pa 15 Malichi singakhale ina koma kumapeto kwa pa 15, ndipo 00:01 singakhale ina koma kumayambiriro. Palinso 24:00, imene ena amalemba pofuna kunena kutha kwa tsiku. 24:00 pa 14 Malichi ndi 00:00 pa 15 Malichi ndi mphindi imodzi yomweyo, kungoti wina waima pakhomo akuyang'ana m'nyumba, wina akuyang'ana panja. Imathandiza polemba kuti malo amatsegula 07:00 mpaka 24:00. Koma wotchi ya pa foni yanu sidzaonetsa 24:00, ikachoka pa 23:59 imagwera pa 00:00, ndipo 24:10 kulibe.

Wokwera ndege asamale kwambiri apa. Kuchoka kuno kupita ku Chileka ndi nkhani ya masana, koma amene akukasintha ndege kunja akhoza kupeza pa tikiti kuti ina inyamuka 00:35 Loweruka. Ndege imeneyo mumakaidikirira Lachisanu usiku. Mukafika pabwalo Loweruka madzulo, inapita kalekale, pafupifupi tsiku lathunthu lapitalo. Kumbukiraninso kuti nthawi ya pa tikiti ndi ya kumalo kumene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera, osati ya kuno kwathu.

Kuchipatala nakonso maola awiri ovutawa amakumana pa pepala limodzi. Wodikirira wodwala akauzidwa kuti mankhwala ndi a maola 6 aliwonse kuyambira 6 koloko m'mawa, nthawi zake ndi 06:00, 12:00, 18:00 ndi 00:00. Zitalembedwa mwa maola 12 zikanakhala 6, 12, 6, 12, ndipo munthu amene wachezera masiku atatu pambali pa bedi sangakumbuke kuti 12 imene anachonga ija ndi iti. Mwa maola 24 nambala iliyonse ili payokha. Chotsala ndi deti: mankhwala a 00:00 aja, ngakhale inu mukuwaona ngati omaliza a Lolemba, pa kalendala ndi oyamba a Lachiwiri. Mukamalemba m'kope kunyumba, lembani deti pambali pa nthawi iliyonse, kuti wobwera kudzakulandirani m'mawa asaganize kuti munadumpha kapena kuti sanamwe.

Phindu lalikulu la maola 24 limaoneka pamene mukufuna kudziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji. Tiyerekeze mwanyamuka pa depoti ya Zomba 10:40 m'mawa, mwafika kumene mukupita 1:15 masana. Mukachotsera manambala mmene alili, 10 kuchoka mu 1 sizitheka. Sinthani kaye: 1:15 PM ndi 13:15. Tsopano 13:15 kuchotsa 10:40. Mphindi 40 sizingachoke mu 15, ndiye mubwereke ola limodzi, ndipo kumbukirani kuti ola lobwerekalo lili ndi mphindi 60, osati 100. 13:15 isanduka maola 12 ndi mphindi 75. Kuchotsa maola 10 ndi mphindi 40, patsala maola 2 ndi mphindi 35. Masana mwawadutsa osamva ngakhale bampu.

Pakati pa usiku ndiye pamafunika kuima kaye, chifukwa manambala amabwerera pa ziro. Titenge mlonda amene walowa ntchito 21:45 nkuweruka 05:30. Njira yosavuta ndi kudula ulendowo pawiri. Kuchokera 21:45 kufika 24:00 pali maola 2 ndi mphindi 15. Apa ndi pamene 24:00 ija imagwira ntchito. Kuchokera 00:00 kufika 05:30 pali maola 5 ndi mphindi 30. Kuphatikiza, maola 7 ndi mphindi 45. Amene amawerengera malipiro pa kompyuta akangochotsera nthawi yolowera mu nthawi yowerukira, Excel imapeza nambala yochepera ziro, ndipo kabokosi ka nthawi kamangodzaza ndi ####. Ngati nthawi yolowera ili mu A2 ndipo yowerukira ili mu B2, lembani chonchi, kabokosi ka yankho kakhale ka nambala wamba osati ka nthawi:

```
=MOD(B2-A2,1)*24
```

Yankho lituluka 7.75, ndipo limeneli ndi lolondola. Mphindi 45 ndi magawo atatu a magawo anayi a ola, ndiye ndi 0.75. Wolemba pamanja amene angaike 7.45 wamudyera mlondayo. Tingoyerekeza kuti ola ndi K1,000: malipiro oyenera ndi K7,750, koma iye alandira K7,450. Ndi K300 usiku umodzi, ndipo pakutha pa mwezi ndi ndalama yogulira ndiwo masiku angapo. Nchifukwa chake sindikonda kulemba nthawi ndi kadontho kamodzi, ngati 7.45, ngakhale ambiri tinazolowera choncho kusukulu. Timadontho tiwiri timakumbutsa kuti kumanjako kumathera pa 59.

Mungadziwe bwanji kuti nthawi imene mwapatsidwa ili mu kawerengedwe kati? Ola likapitirira 12, kapena likakhala 00, ndi ya maola 24, palibe chokayikitsa. Likakhala ndi ziro kutsogolo popanda AM kapena PM, ngati 08:00, nthawi zambiri ndi ya maola 24, choncho ndi m'mawa. Yoopsa ndi yopanda chilichonse, ngati 6:00 kapena 12:00 yokhayokha pa uthenga wa pa foni. Imeneyo funsani. Mudzaonanso zosakaniza, ngati 17:00 PM kapena 14:30 PM. Zilembozo pamenepo nzosafunika, koma sizisokoneza, chifukwa 17 ndi madzulo basi. Yosokoneza ndi ngati 00:30 PM, pamene nambala ikuti usiku, zilembo zikuti masana. Wolemba zoterezi wasokonezeka yekha, ndipo musayerekeze kulota chimene amatanthauza.

Foni nayo imatha kunama ndi maola 12 enieni. Batire ikatha, kapena mukagula foni yakale pamsika nkuika nthawi pamanja, nkosavuta kuika 7:00 PM pomwe kunja kuli 7 koloko m'mawa. Pa galasi pamangooneka 7:00, inu nkumati zili bwino. Zizindikiro zake ndi ziwiri: alamu ya 5 koloko m'bandakucha imalira madzulo mukuchokera kuntchito, ndipo deti limasintha masana dzuwa likuswa mtengo m'malo mosintha usiku. Mukaona kuti m'mawa foni imati pa 14, pofika nthawi ya nkhomaliro ikuti pa 15, AM ndi PM zatembenuzika. Mankhwala ake ndi kulola foni kuti izitenga yokha nthawi kuchokera ku netiweki, komanso kuiika pa maola 24. Pa mafoni ambiri a Android mumalowa mu Settings, kufufuza Date & time, nkuyatsa Use 24-hour format. Pa iPhone ndi Settings, General, Date & Time, nkuyatsa 24-Hour Time. Masiku atatu oyamba mudzakhala mukuwerengera zala, koma ikatha sabata 16:00 idzayamba kumveka yokha kuti ndi 4 koloko, ndipo alamu ya 05:00 singasokonezekenso ndi 17:00.

Kwa inu amene mumalemba zidziwitso, alembi a mipingo, a makomiti a maliro ndi a maukwati, aphunzitsi, makalaliki a m'maofesi, pempho langa ndi lakuti musalembe 12 AM kapena 12 PM ngakhale mukudziwa bwino tanthauzo lake, chifukwa wowerenga wanu mwina sakudziwa. Ya masana lembani kuti 12 koloko masana, kapena 12:00 masana. Ya usiku musangoti 12 koloko usiku Lachisanu, tchulani masiku onse awiri: usiku wa Lachisanu kukacha Loweruka. Ikakhala nthawi yotsekera chinthu, lembani 23:59 ndi deti lake, ndipo musanalengeze lowani m'makinamo muone ngati ola limene lalembedwa mmenemo ndi lomwelo limene mwalemba pa chidziwitso.

Bungwe lija mwana wa mchemwali wanga analilembera kalata yodandaula Lachisanu lomwelo, koma chitseko sichinatsegulidwe. Chaka chotsatira anapemphanso. Pa fomu panalinso 12:00 AM, ndipo anandiimbira kudakali masiku anayi.

"Amalume, alemba pa 20. Ndiye kuti langa ndi pa 19, eti?"

"Eya, pa 19, isanakwane 12 koloko usiku. Koma magetsi ndi netiweki usazidalire usiku womaliza."

Anatumiza pa 17, nthawi ya 14:10, nkunditumizira chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti fomu yalandiridwa.